Peresenti yaikulu kapena makwacha ambiri: tisankhe ntchito iti?

Tiyerekeze kuti kopaletivu ina yachita lendi nyumba yosungiramo mbewu kwa chaka chimodzi. Ikaidzaza ndi chimanga ilowetsa K10 miliyoni, ndipo chaka chikatha idzagulitsa K15 miliyoni. Ikaidzaza ndi mtedza ilowetsa K40 miliyoni n'kudzatola K54 miliyoni. Nyumba ndi imodzi, choncho ayenera kusankhapo mbewu imodzi. Ndalama akongola kubanki pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mkangano umene amabweretsa umachitikadi m'mabodi a makampani.

Akatswiri a zachuma ali ndi miyeso iwiri yotchuka. Woyamba ndi IRR, umene umanena peresenti imene ndalama yolowetsedwa ikubereka pachaka. Pa chimanga, K10 miliyoni yabereka K5 miliyoni, ndiye kuti IRR ndi 50 peresenti. Pa mtedza, K40 miliyoni yabereka K14 miliyoni, yomwe ndi 35 peresenti. Zonse ziwiri zaposa 25 ya kubanki, ndipo chimanga chikuoneka kuti chapambana kutalitali.

Muyeso wachiwiri ndi NPV. Uwu umayamba ndi mfundo yakuti kwacha ya chaka chamawa ndi yopepuka kuyerekeza ndi ya lero. Ngati ngongole ili pa 25 peresenti, K125 ya chaka chamawa ikufanana ndi K100 ya lero, motero ndalama yobwera pakatha chaka timaigawa ndi 1.25, kenako n'kuchotsapo zimene talowetsa. K15 miliyoni ya chimanga isanduka K12 miliyoni, ndipo tikachotsa K10 miliyoni patsala K2 miliyoni. K54 miliyoni ya mtedza isanduka K43.2 miliyoni, patsala K3.2 miliyoni. Apa wapambana ndi mtedza.

Nanga timvere uti? Funso loweruza nkhaniyi n'lakuti, K30 miliyoni yowonjezera imene mtedza ukufuna ikubweretsa chiyani? Ikubweretsa K39 miliyoni, kusiyana kwa 54 ndi 15, kutanthauza kuti ikubereka 30 peresenti. Banki itengapo K37.5 miliyoni, ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ndipo K1.5 miliyoni itsalira mamembala. Kukana mtedza chifukwa chokopeka ndi 50 peresenti n'kutaya ndalama imeneyi dala. IRR siona kukula kwa ntchito: mayi amene wagula tomato wa K1,000 n'kumugulitsa K2,000 wapanga 100 peresenti, koma phindu lakelo silikwanira ngakhale paketi ya shuga.

Nambala ya 30 ija muisunge, chifukwa ndi pamene NPV ya ntchito ziwirizi imakumana. Iliyonse imakhala pafupifupi K1.54 miliyoni. Maganizo oyeza ndalama yowonjezera motere anawafotokoza Irving Fisher, katswiri wa ku America, m'buku lake la 1930 lonena za chiwongoladzanja. Ngongole ikakhala pansi pa 30 peresenti, mtedza uli patsogolo. Ikadutsa pamenepo zinthu zimatembenuka: pa 35 peresenti mtedza sutsala ndi kanthu, pomwe chimanga chikadali ndi K1.1 miliyoni. Apa ndi pomwe pali kufooka kwa NPV. Yankho lake limadalira peresenti imene mwaipatsa, ndipo kuno chiwongoladzanja sichikhala malo amodzi. Wowerengera wanzeru amayesa pa 25, pa 28 ndi pa 32 kuti aone ngati wopambana akusintha. Komanso ngati banki yakana kupereka zoposa K10 miliyoni, mkangano watha, mtedza sulinso pa mndandanda.

IRR ili ndi vuto linanso limene ambiri salidziwa. Ntchito imene imafuna ndalama poyamba ndi pomaliza, monga mgodi umene uyenera kukwiriridwa ukatha, imatha kupereka mayankho awiri. Lowetsani K100 miliyoni lero, mulandire K230 miliyoni chaka chamawa, mulipire K132 miliyoni chaka chachiwiri. IRR yake ndi 10 peresenti, komanso ndi 20 peresenti, ndipo masamu onse awiri ndi olondola. Chizindikiro chake n'chosavuta: ndalama zikatuluka, n'kulowa, n'kutulukanso, IRR musaikhulupirire.

Amene amawerengera pa Excel asamale chinthu chimodzi. Fomyula ya NPV imatenga nambala yoyamba ngati yobwera pakatha chaka, choncho ndalama yolowetsa lero iyenera kukhala kunja:

```
=NPV(0.25,54)-40
```

Mukaiika m'kati, yankho lituluka 2.56 m'malo mwa 3.2.

IRR ndi yabwino pofunsa ngati ntchito imodzi ingapirire chiwongoladzanja cha banki, n'chifukwa chake mabwana amaikonda. Koma pamene ntchito ziwiri zikulimbirana malo amodzi ndipo miyeso yasemphana, tsatirani NPV, mutatsimikiza kaye kuti peresenti imene mwagwiritsa ntchito ndi imene ndalamayo ikukudyeranidi.