Kupeza pakati pa thirayango

Dulani katoni kukhala thirayango, muyikhazike pansonga ya pensulo. Pali malo amodzi okha pomwe ingakhazikike osapendekera, ndipo malowo amapezeka ndi masamu a avereji.

Tinene kuti ngodya zake zili pa (0, 0), (6, 0) ndi (3, 9). Phatikizani manambala oyamba okhaokha: 0 + 6 + 3 = 9, gawani ndi 3, mupeza 3. Achiwiri nawonso: 0 + 0 + 9 = 9, mupezanso 3. Pensulo ija ikhale pa (3, 3).

Ambiri amagawa ndi 2 pozolowera kupeza pakati pa mzere. Kuti mutsimikize, jambulani mzere kuchokera pa (3, 9) kukafika pakati pa mbali yapansi, pa (3, 0). Mzerewu ndi wotalika 9, ndipo yankho lolondola limaugawa kukhala 6 kumtunda ndi 3 kumunsi.