Kalata yodandaula za kompyuta: zimene amisiri amafuna kuona

Amisiri okonza makompyuta m'maofesi amalandira tsiku ndi tsiku imelo ya mzere umodzi wokha yakuti: "Sisitimu sikugwira, chonde tithandizeni msanga." Wolembayo amakhaladi ali pamavuto, ndipo mwina bwana ali pakhomo kudikira lipoti. Koma mmisiri amene walandira mawu amenewa alibe poyambira. Sadziwa kuti ndi sisitimu iti, sadziwa kuti yakana pati, sadziwanso ngati yakanira munthu mmodzi kapena ofesi yonse. Chomwe angachite ndi kuyankha ndi mafunso. Wodandaulayo ayankha mawa lake, mmisiri afunsanso china, ndipo vuto lomwe likanatha m'mawa umodzi limagona sabata yathunthu.

Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1999, Simon Tatham, katswiri wa ku Britain amene analemba pulogalamu ya PuTTY, analemba nkhani yotchuka yolangiza anthu kafotokozedwe ka vuto la pulogalamu. Mfundo yake yaikulu inali yakuti wodandaula athandize mmisiri kuona vutolo likuchitika ndi maso ake. Mmisiri ali kutali, mwina ku Lilongwe pomwe wodandaula ali ku Mzimba, mwinanso kunja kwa dziko. Kalatayo ndi zithunzi zake ndizo maso ake.

Chitsanzo chabwino ndi vuto lomwe limagwera alembi ambiri. Mlembi wa pasukulu ina ali ndi ntchito yosikana makalata ndi kuwakweza pa sisitimu ya bungwe lawo kudzera pa burawuza. Lolemba m'mawa akweza kalata ya tsamba limodzi, yalowa bwinobwino. Kenaka akweza chikalata cha masamba khumi ndi awiri, kamzere kosonyeza kukwera kayenda pang'ono, n'kuima, ndipo pasikirini patuluka mawu ofiira akuti `Upload failed. Please try again.` Ayesanso, zomwezo. Maganizo oyamba a aliyense pamenepa ndi akuti netiweki yavuta, poti kuno netiweki ndiyo imasenza milandu yambiri. Ndipo mayiyu akanalemba kuti "intaneti yathu ikuvuta", mmisiri akanathera tsiku lonse akufufuza rauta yosalakwa.

Apa ndiye pali phunziro loyamba la kalata yotere: zimene munthu waona n'zosiyana ndi zimene akuganiza kuti ndizo zachititsa. Zonse ziwiri zikhoza kulembedwa, koma zisasakanizike. Mlembiyu anaona fayilo imodzi ikulowa, ina ikukana. Asanalembe kalikonse, anachita chinthu chaching'ono chomwe chinafupikitsa nkhani yonse. Anayang'ana kukula kwa mafayilo awiriwo. Yolowa ija inali ya 0.6 MB, yokanayo inali ya 3.8 MB. Anakwezanso yaing'ono ija nthawi yomweyo, inalowa. Anapempha mnzake wa desiki loyandikana kuti ayese yaikuluyo pa kompyuta yake, ndipo inakananso. Kuyesa kwa mphindi zochepaku kunachotsa zifukwa ziwiri: netiweki inali bwino, ndipo kompyuta yake sinali ndi mlandu.

Tsopano kalata inali ndi cholemba. Mutu wake unali wakuti: Fayilo ya PDF ya 3.8 MB ikukana kukwera, ya 0.6 MB ikukwera. Mutu wotere umagwira ntchito ngakhale imelo isanatsegulidwe, chifukwa m'maofesi ambiri imelo iliyonse yopita kwa amisiri imasanduka tikiti yokhala ndi nambala, ndipo wogawa ntchito amayamba wawerenga mitu yokha. Mawu akuti "mwachangu" olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu samuuza kuti tikitiyo ipite kwa ndani.

M'kati mwa kalatayo, atapereka moni, mayiyu analemba zinthu motsatana monga momwe anachitira: analowa mu sisitimu ndi akaunti yake, anatsegula tsamba la makalata, anadina batani la `Upload`, anasankha fayilo, anadikira. Ananena chimene amayembekezera, chomwe ndi kuona fayiloyo pamndandanda, ndi chimene chinachitika m'malo mwake. Mawu ofiira aja anawakopera m'kalatamo chilembo ndi chilembo, ngakhale kuti akuonekanso pa chithunzi. Chifukwa chake n'chakuti mmisiri akhoza kukopera mawu olembedwa n'kuwasaka m'zolemba za seva kapena m'matikiti akale, pomwe mawu a pa chithunzi ayenera kuyamba wawalembanso yekha. Anatchula burawuza yake ndi nambala ya mtundu wake, imene pa Chrome imaoneka munthu akalemba `chrome://version` pamalo olemba adiresi. Mtundu wa Windows umaoneka polemba `winver` pa malo osakira.

Anatchulanso nthawi, ndipo apa ambiri amaphonya. Seva imalemba pempho lililonse lomwe yalandira pamodzi ndi nthawi yake, ndipo pa tsiku mizere yotere imachuluka zedi. Kunena kuti "m'mawa" kuli ngati kutuma munthu kukafuna mbuzi yako pamsika wa ziweto osamuuza mtundu wake. Mlembiyu analemba kuti 09:42, nthawi ya ku Malawi. Mawu omalizawa ndi ofunika, chifukwa maseva ambiri amasunga nthawi ya UTC, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Mmisiri akadziwa zimenezi amapita molunjika pa 07:42.

Zithunzi zinali zitatu zokha. Pa Windows, kudina pamodzi mabatani a `Windows`, `Shift` ndi `S` kumalola munthu kujambula sikirini yonse kapena mbali yake. Pa mafoni ambiri a Android, munthu amadina pamodzi batani lozimitsira ndi lotsitsira mawu. Njira imene amisiri amadandaula nayo ndi yojambula sikirini ya kompyuta ndi kamera ya foni: chithunzi chimatuluka chopendekera, chili ndi mizere yonyezimira, ndipo chikadutsa pa WhatsApp chimafinyidwa mpaka zilembo zing'onozing'ono kufufutika. Njirayi ndi yoyenera pokhapo pamene kompyuta yauma kotheratu kapena ikukana kuyaka bwino. Apo ayi, chithunzi chojambulidwa ndi kompyuta yomweyo n'kusungidwa ngati PNG chimasunga zilembo zowerengeka bwino kuposa JPEG.

Chithunzi choyamba chinali cha zenera lonse la burawuza, kuphatikizapo adiresi ya tsamba pamwamba ndi wotchi pansi. Anthu ambiri amadula chithunzi mpaka kutsala mawu ofiira okha, poganiza kuti akuthandiza. Koma adiresi ndiyo imauza mmisiri tsamba lenileni lomwe lakana, ndipo nthawi zina imaulula kuti munthu ali pa sisitimu yakale kapena yoyeserera. Pa chithunzicho mayiyu anajambula bokosi lofiira kuzungulira uthenga wokanawo n'kulembapo 1. Chithunzi chachiwiri chinali cha foda yosonyeza mafayilo awiri aja, ndi muvi woloza pa kukula kwa iliyonse, cholembedwa 2. M'kalatamo ankati "onani 1", "onani 2", kotero kuti mawu ndi zithunzi zinkayendera limodzi. Mayina a zithunzi nawonso anawasintha kuti ayambe ndi manambala omwewo.

Kulemba pa chithunzi kuli ndi malire ake. Bokosi lizungulire chinthu, lisachiphimbe. Muvi umodzi kapena iwiri ndi yokwanira. Chithunzi chokhala ndi mivi isanu ndi iwiri sichilozanso kalikonse. Ndipo mawu ofotokoza ataliatali malo ake ndi m'kalata.

Chithunzi chachitatu ndicho chinamaliza nkhani, ndipo chinabwera mmisiri atapempha. Anamuuza mayiyu kuti adine `F12`, asankhe `Network`, kenaka ayesenso kukweza fayiloyo. Pa mndandanda womwe unatuluka, mzere umodzi unali wofiira, uli ndi nambala 413. Nambala imeneyi ndi yankho la seva lotanthauza kuti chimene chatumizidwa chakula kuposa chimene yaloledwa kulandira. Masisitimu ambiri amakhala kuseri kwa pulogalamu ya seva yotchedwa nginx, imene ikangoikidwa osasinthidwa imalandira zosapitirira 1 MB pa pempho limodzi. N'chifukwa chake fayilo ya 0.6 MB inkalowa, ya 3.8 MB n'kumabwezedwa pakhomo, isanafike n'komwe pa sisitimu yeniyeniyo. Mmisiri anapeza mzere wogwirizana nazo m'zolemba za seva pa 07:42, n'kusintha malirewo:

```
client_max_body_size 20m;
```

Podikira kuti akonze, analangiza mlembiyu kuti asikanenso chikalatacho mopanda mitundu komanso pa 150 dpi m'malo mwa 300 dpi, kuti fayilo ichepe.

Pali mbali ina ya zithunzizi imene ikufunika kusamala kwambiri, chifukwa ikhoza kupweteka anthu osalakwa. Sikirini ya mlembi wa sukulu imaonetsa mayina a ana, ya wa ku akaunti imaonetsa malipiro a anthu, ya wa kuchipatala imaonetsa matenda awo. Imelo ikatumizidwa, mwini wake sadziwanso kuti idutsa m'manja angati. Choncho chilichonse chosakhudza vutolo chiyenera kuphimbidwa chithunzi chisanatumizidwe, ndipo chiphimbidwe ndi bokosi lakuda lothithikana. Cholembera choonekera mkati, chija chopakira mawu mtundu wachikasu kapena wakuda pa foni, chimasiya zilembo zomwe zimaoneka munthu akangowalitsa chithunzi. Kusokoneza zilembo kuti zioneke mwachimbuuzi nakonso si kodalirika, poti pali njira zozibwezera.

Ngakhale kudula chithunzi kunapezekapo ndi vuto. Mu Malichi 2023, ofufuza awiri, Simon Aarons ndi David Buchanan, anaulula kuti chida chodulira zithunzi pa mafoni a Pixel chinkasiya mbali ya chithunzi choyambacho m'kati mwa fayilo, moti munthu wodziwa akanatha kubweza zomwe zinadulidwa. Vuto lofanana nalo linapezekanso mu Snipping Tool ya Windows 11. Makampani onse awiri anakonza, koma zithunzi zomwe zinali zitatumizidwa kale zinatsala momwemo. Njira yotetezeka kuposa zonse ndi kutseka mazenera ndi masamba osafunika munthu asanajambule. Za mawu achinsinsi olowera mu akaunti, amenewo salembedwa m'kalata ngakhale pang'ono, ndipo mmisiri wodziwa ntchito yake sawapempha.

Mlembi uja atalandira uthenga woti vuto lakonzedwa, anakwezanso fayilo yomwe ija ya 3.8 MB, osati ina, kuti atsimikize. Italowa, anayankha pa imelo yomweyo yokhala ndi nambala ya tikiti, chifukwa kalata yatsopano ikanatsegula tikiti yachiwiri n'kupita kwa mmisiri wina wosadziwa chiyambi chake. M'yankholo anafunsanso kuti malire atsopano ndi otani, anamuuza kuti 20 MB, ndipo nambalayo anailemba pa kapepala n'kumata pambali pa sikana kuti anzake aione.