Kumene malikisi amatayikira pa girafu

Mu lipoti la esiperimenti ya sayansi, wopereka malikisi amathamangira pa tebulo ndi girafu asanawerenge china chilichonse. Titenge esiperimenti yokoka sipuling'i ndi kulemera kwa magalamu 100, 200 mpaka 500.

Wophunzira akalemba mutu wakuti "Zotsatira" basi, malikisi a mutu amapita, chifukwa mutuwo sukunena kanthu. Wolandira malikisi amalemba kuti "Tebulo 1: Kutalikira kwa sipuling'i malinga ndi kulemera". Mutu wa tebulo umakhala pamwamba, wa girafu kawirikawiri pansi.

Mayuniti amalembedwa kamodzi, pamwamba pa ndime ya tebulo, osati pambali pa nambala iliyonse. Ndime imodzi ikakhala ndi 2.0, 4 ndi 6.15, mphunzitsi amakayika, popeza rula ya mamilimita singapereke 6.15 cm.

Pa girafu, kulemera komwe wophunzira amasintha kumakhala pa mzere wogona, kutalikira pa woimirira. Madontho adzaze theka la pepala kapena kuposapo. Ambiri amalumikiza dontho ndi dontho, komatu chofunika ndi mzere umodzi wowongoka, madontho ena kumtunda kwake, ena kumunsi. Dontho losochera lizunguliridwe, lisafufutidwe.