Kanema Mmodzi, Maina Atatu: Kompyuta Imamuzindikira Bwanji?

Wojambula maukwati akagwira ntchito zaka zingapo, hadi dilaivi yake imadzaza ndi makanema masauzande, ndipo ambiri amakhala obwerezabwereza. Kanema wa mkwatibwi akulowa mu holo alipo pa dzina loti `ukwati_wonse.mp4`, waukulu mapikiselo 1920 kwa 1080. Yemweyo anamutumiza pa WhatsApp, n'kubwerera ali wochepetsedwa, dzina litasanduka `VID-20230415-WA0007.mp4`. Wachitatu anamuchepetsa yekha kuti akwane pa fulashi ya kasitomala.

Mapulogalamu ambiri osaka mafayilo obwereza amagwiritsa ntchito chidindo cha masamu monga SHA-256. Chidindochi sichiyang'ana dzina, koma chimafuna kuti mafayilo afanane kwathunthu m'kati mwake. Kakasintha kadontho kamodzi, chidindo chonse chimasinthiratu. Ndi chabwino kuyambira, pochotsa makope enieni, koma makanema atatu aja chidzawaona ngati achilendo.

Chotsatira ndi kutalika kwa kanema, chifukwa kumuchepetsa sikusintha nthawi imene amatha. Pulogalamu yaulere ya ffprobe imanena masekondi ake, komanso mabiti amene akudya pa sekondi:

```
ffprobe -v error -show_entries format=duration,bit_rate -of csv=p=0 ukwati_wonse.mp4
```

Sefa imeneyi si yopeputsa. Makanema 10,000 mukati muwayerekeze aliyense ndi mnzake, mukhala ndi mapeyala 49,995,000. Mukamayerekeza okhawo osiyana kutalika ndi sekondi imodzi kapena ziwiri, ntchito yambiri yatha isanayambe.

Pagona nkhani ndi apa: kompyuta iyenera kuyang'ana chithunzi chenichenicho, koma mwachimbuuzi, monga mmene mumazindikirira m'bale wanu akubwera chapatali, nkhope musanaione. Tinene kuti kanema wathu ndi wa masekondi 200. Timatengamo zithunzi zisanu, pa sekondi 20, 60, 100, 140 ndi 180. Chithunzi chilichonse timachichotsa mitundu n'kuchifinya mpaka chitsale timabokosi 9 m'mizere 8:

```
ffmpeg -ss 60 -i ukwati_wonse.mp4 -frames:v 1 -vf "scale=9:8,format=gray" c60.png
```

Zikafika apa, kukula kwa kanema kulibenso ntchito, popeza wamkulu ndi wamng'ono yemwe asanduka timabokosi 72.

Njira yotchedwa dHash imafunsa funso limodzi pa kabokosi kalikonse: kodi kakuwala kuposa kanzake ka kumanja? Ngati inde, timalemba 1. Ngati ayi, 0. Mzere wa timabokosi 9 umapereka mayankho 8, ndiye mizere 8 imapereka mayankho 64. Kuwala kumayezedwa kuyambira 0 mpaka 255. Mzere ukayamba ndi 200, 180, 185, 90, mayankho ndi 1, 0, 1. M'kanema wodutsa pa WhatsApp manambalawo mwina akhala 197, 178, 184, 93. Onse asuntha pang'ono, koma mayankho akadali 1, 0, 1. Nzeru yonse ndi imeneyo.

Kenako timawerenga kuti mwa mayankho 64 aja ndi angati akusiyana. Zithunzi zosagwirizana n'komwe zimasiyana pafupifupi theka, cha m'ma 32. Makope a chithunzi chimodzi amasiyana pang'ono chabe, ndipo ambiri amaika malire cha pa 10. Ine sindikhulupirira chithunzi chimodzi: zinayi mwa zisanu zigwirizane, ndiye tinene kuti ndi kanema yemweyo. Amene safuna kulemba malamulo pa kompyuta angagwiritse ntchito Czkawka kapena Video Duplicate Finder, mapulogalamu aulere amene nawonso amayerekeza zithunzi za m'kanema.

Njirayi imanamizika. Zithunzi zakuda bii, monga za poyambira kanema, zimafanana paliponse, n'chifukwa chake sitiyambira pa sekondi 0. Maulaliki ojambulidwa ndi kamera yosasuntha, guwa lomwelo Lamlungu lililonse, amaoneka ngati kanema mmodzi. Chizindikiro chake n'choti pulogalamu imaunjika makanema makumimakumi m'gulu limodzi. Apa mawu ndi amene amathandiza: Chromaprint, kudzera pa lamulo la `fpcalc`, imapanga chidindo cha phokoso, ndipo ulaliki wina sungamveke ngati unzake.

Imalepheranso mbali inayo. Wina akadula masekondi 15 oyambirira, kutalika kwasintha ndipo zithunzi zisanu zija zagwera malo ena. Mankhwala ake ndi kutenga chithunzi sekondi iliyonse n'kufufuza ndondomeko yofanana paliponse m'kanema, ntchito yochedwa kwambiri. Mizere yakuda pamwamba ndi pansi nayonso imasokoneza timabokosi, choncho iyambe yadulidwa. Ffmpeg ili ndi `cropdetect` yoipezera.

Makope akapezeka, musathamangire kusunga wa mapikiselo ambiri. Kanema wa 1080 akhoza kukhala wa 480 amene wina anangomukulitsa. Onani mabiti pa sekondi, kenako imitsani onse awiri pa sekondi imodzimodzi muyang'ane zolembedwa pa keke kapena ulusi wa velo. Amene mwaganiza zowataya asamutsireni kaye m'foda ina, mufufute pakapita milungu ingapo palibe amene wawafunsa.