Maginito Aulula Zobisika M'kachikuto ka Galasi la Foni

Galasi la mafoni ambiri ogwira ndi chala lili ndi kachikuto kosaoneka ndi maso, kopangidwa ndi indiyamu, tini ndi okosijeni, kotchedwa ITO. Kachikutoka kali m'gulu la masemikondakitala: kuwala kamakulola kudutsa, magetsi nawo kamawayendetsa. Wokapanga amafuna kudziwa zinthu zitatu. Tonyamula magetsi m'katimo ndi ta mtundu wanji? Tilipo tingati? Nanga timayenda momasuka motani?

Njira yopezera mayankho inayamba mu 1879 ku yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, ku America. Edwin Hall, akadali wophunzira, anadutsitsa magetsi m'kagolide kopyapyala ngati tsamba, n'kukaika pakati pa maginito. Anapeza kavoteji kakang'ono pakati pa mbali ziwiri za golideyo, mopingasa njira ya magetsi. Apa n'kuti elekitironi isanadziwike n'komwe, poti J. J. Thomson anaitulukira mu 1897.

Chimachitika n'chakuti maginito amakankhira tonyamula magetsi kumbali imodzi, n'kuunjikana kumeneko. M'masemikondakitala ena onyamulawo ndi maelekitironi, ndipo mtundu umenewu ndi n. Mwa ena muli timipata tosiyidwa ndi maelekitironi, timene timayenda ngati tonyamula mphamvu ya pozitivi, ndiwo mtundu wa p. Zonse ziwiri zimakankhidwira mbali yomweyo, koma poti mphamvu zake n'zosiyana, mbaliyo imakhala negetivi kapena pozitivi. Chizindikiro chokhacho cha pa mita chayankha funso loyamba.

M'malabu ambiri amatsata njira imene L. J. van der Pauw wa kampani ya Philips anafalitsa mu 1958. Amadula kachidutswa ka ngodya zinayi, mwina sentimita imodzi mbali iliyonse, n'kumata timadontho tinayi ta chitsulo cha indiyamu m'ngodya zake, polumikizira mawaya.

Tiyerekeze kuti kachikuto ka ITO n'kochindikala mananomita 200. Poyamba maginito amakhala patali. Woyeza amalowetsa miliampeya imodzi pa ngodya ziwiri zoyandikana, n'kuwerenga mamilivoti 4.6 pa ziwiri zinazo. Kugawa voteji ndi magetsi olowawo kukupereka maomu 4.6. Ngati kachidutswako n'kofanana mbali zonse, nambalayi imachulukitsidwa ndi 4.53, ndipo kukana magetsi kwa kachikutoko, R_s, kumakhala pafupifupi maomu 21.

Kenako maginito a theka la tesila amabwera. Magetsi tsopano amadutsa pa ngodya zoyang'anizana, voteji n'kumawerengedwa pa ziwiri zotsala. Apa ndipo pali msampha umene wakola ambiri. Timadontho tija sitikhala molunjikana ndendende, choncho mita imawerenga voteji ngakhale maginito palibe, ndipo voteji yabodzayi kawirikawiri imaposa yeniyeni. Mankhwala ake ndi kutembenuza maginito. Voteji ya Hall imatembenuka nawo, pamene yabodza ija imakhala momwemo. Tinene kuti mita yawerenga mamaikolovoti 169, ndipo atatembenuza yawerenga 231. Theka la kusiyana kwake ndi 31, ndiyo V_H yeniyeni. Amene akanakhulupirira 231 akanapeza maelekitironi ochepa kasanu n'kawiri kuposa amene alipo. Woyeza wosamala amatembenuzanso magetsi, pofuna kuchotsa timavoteji tobwera chifukwa cha kusiyana kwa kutentha m'malumikizidwe.

Masamu otsala ndi afupi:

```
n_s = I·B / (q·|V_H|)
μ = 1 / (q·n_s·R_s)
q = 1.602 × 10⁻¹⁹ C
```

Mzere woyamba ukupereka maelekitironi pafupifupi 10¹⁶ pa sikweya sentimita. Kugawa ndi kuchindikala kuja, ndi 5 × 10²⁰ pa kiyubiki sentimita. Mzere wachiwiri ukupereka kumasuka kwa mayendedwe, μ, pafupifupi 30 cm²/V·s. Nambala zoterezi n'zimene ITO yabwino imakhala nazo, ndipo chizindikiro chake chimasonyeza mtundu wa n. Chosangalatsa n'chakuti μ sikusowa kuchindikala, choncho wolakwitsa poyeza mananomita aja waononga nambala ya kuchuluka yokha.

Ngakhale chizindikiro chimatha kunama. Chaka cha 2000 chitangodutsa, ofufuza ambiri analengeza kuti apanga zinki okisaidi ya mtundu wa p, imene inkafunidwa kwambiri popangira nyali za LED. Zambiri mwa zotsatirazo ena analephera kuzibwereza. Pambuyo pake zinaonetsedwa kuti kachikuto ka mtundu wa n kosafanana ponseponse, makamaka timadontho tikamatidwa m'kati osati m'mphepete, kangathe kupereka chizindikiro cha p. N'chifukwa chake woyeza amene wapeza p pamene samayembekezera amabwereza ndi maginito a mphamvu zosiyanasiyana, kuti aone ngati V_H ikukwera molingana ndi B. Amayesanso ndi singano ziwiri, ina yotentha ina yozizira: pa kachikuto ka mtundu wa n, yotenthayo imakhala pozitivi.