Mawu a Agogo: Maola Anayi pa Masamba Khumi ndi Awiri

M'chilimwe cha 2022, mpunga utalowa kale m'nkhokwe, tidakhala pakhonde ndi agogo athu aakazi m'dziko la mfumu Kambombo ku Chama, ndipo tidajambula mawu awo pa foni masiku atatu. Onse pamodzi adakwana maola anayi. Titawalemba monga adawalankhulira, adadzaza masamba 60. Agogowo adatisiya chaka chotsatira. Masamba aja akadali m'bokosi, koma chimene ana ndi adzukulu amawerenga ndi kabuku ka masamba 12 kamene tidatulutsamo iwo akali moyo. Tifuna kukufotokozerani, awerengi okondedwa, m'mene tidafupikitsira, ndiponso pamene tidaphunthwa.

Chinthu chachikulu chimene tidaphunzira nchakuti kufupikitsa si kudula paliponse mofanana. Pali zina zoyenera kudula kwambiri, zina zosayenera kukhudza nkomwe.

Poyamba tidamvetsera mawu onse osadula kanthu, tikulemba mndandanda wa mitu ndi mphindi imene mutu uliwonse ukuyambira: mphindi 14, ukwati wawo, mphindi 52, njovu m'munda wa mapira, ndi zina zotero. Mndandandawo udatisonyeza kuti munthu wamkulu sasimba molunjika ngati msewu, koma mokhotakhota ngati Luangwa. Nkhani ya ukwati adaisimba katatu. Ife tidasankha kusimba kumodzi kokoma koposa, nkuwonjezapo zimene zidatuluka pa kusimba kwinako. Malonje, mafunso athu, madandaulo a msana ndi kudzudzula nkhuku, zonsezo zidachoka. Pamenepo masamba 60 adatsika pafupifupi ndi theka.

Maina ndiwo sitidadule ngakhale limodzi. Tidatenga pepala lapadera nkulemba munthu aliyense wotchulidwa, mudzi wake, mfumu ya dera lake, ndi ubale wake kwa agogowo. Adakwana anthu 47. Apa mpamene pali msampha. Pakati pa Asenga, monganso pakati pa Atumbuka, mkazi amaitanidwa ndi chiwongo cha bambo wake: Nyagoma, Nyakumwenda, Nyazimba. Tsono m'banja limodzi mukhoza kupezeka anthu atatu oyankha dzina lomwelo. Mwamunanso ali ndi dzina la ubwana, dzina la ubatizo, dzina lomwe adalembetsa ku migodi, ndipo mwina adalowa dzina la malemu. Munthu mmodzi angaoneke ngati anayi, ndipo anthu awiri angaoneke ngati mmodzi.

Ife tidagwa mumsampha womwewo. M'kulemba kwathu koyamba tidati Nyagoma adabereka ana asanu ndi anayi, nkumwalira ali mtsikana. Mlongo wathu powerenga adafunsa kuti, “Nanga mtsikana abereka bwanji ana onsewa?” Titabwerera ku foni tidapeza kuti anali anthu awiri: wina azakhali a agogo, a ku Tembwe, wina mng'ono wawo amene adamwalira pa uchembere woyamba. Chizindikiro cha cholakwa chotere nchomwecho: zaka sizigwirizana, kapena munthu apezeka m'midzi iwiri pa nthawi imodzi. Kuyambira pamenepo tidalemba dzina lililonse pamodzi ndi dzina la bambo wake ndi mudzi. Kafoni kadatipulumutsa chifukwa tinali ndi mndandanda wa mphindi uja. Popanda uwo tikadasakasaka tsiku lonse.

Za nkhani zoti zikhale, tidadzifunsa mafunso atatu. Kodi nkhaniyi ifotokoza chifukwa chimene banja lili pamene lili lero? Kodi alipo wina amene angaisimbe agogo atapita? Kodi iwo eni adaibwereza kapena kusintha mawu poisimba? Mwa nkhani zoposa makumi awiri, zisanu ndi imodzi zokha ndizo zidapambana: kusamuka kwa mudzi madzi atasefukira, ukwati ndi malowolo ake, ulendo wa mlongo wawo ku migodi ya ku Mufulira, kuthawira kuthengo mu 1964, ubatizo wawo, ndi malire a munda wa mpunga kudambo. Nkhani ya njovu, ngakhale idatiseketsa, idangopatsidwa mizere iwiri.

Nkhani zosankhidwazo sitidazisandutse mawu athu onse. Chiyambi ndi mathero tidafupikitsa, koma pamtima pa nkhani tidasiya mawu awo enieni m'Chisenga, ndi kumasulira kwa Chinyanja pansi pake chifukwa cha adzukulu obadwira ku Lusaka. Tidasiyanitsanso zimene adaona ndi maso ndi zimene adangomva. Mwachitsanzo, mbiri yakuti makolo a Asenga adachokera kumadzulo nkudzawoloka Luangwa tidailemba ndi mawu akuti “adamva kwa agogo awo.” Mawu ochepawa ndiwo amayamba kutayika pofupikitsa, ndipo akatayika, mphekesera imavala malaya a umboni.

Agogowo sadatchule chaka ngakhale chimodzi. Ankati “chaka cha Lenshina,” kapena “ndalama zitasintha.” Ntchito yathu inali kumangirira mawu otere ku zaka zodziwika. Nkhondo ya pakati pa otsatira Alice Lenshina a mpingo wa Lumpa ndi boma idafika ku Lundazi ndi ku midzi ya Asenga mu Ogasiti 1964, miyezi iwiri dziko lisanalandire ufulu pa 24 Okutobala. Iwo adati adathawa ali ndi khanda losakhala pansi. Choncho mwana wawo woyamba adabadwa m'miyezi yoyamba ya 1964. Koma chiphaso chake chimati 1966. Titapempha kuona buku la ubatizo ku parishi, tidapeza kuti 1966 nchaka chimene adabatizidwa. M'kabuku tidalemba zaka zonse ziwiri ndi gwero la chilichonse. Momwemonso mlongo wawo adabwera kuchokera ku migodi ndi makwacha ndi mangwee oyamba kuoneka m'mudzimo, ndiye kuti 1968 kapena pambuyo pake pang'ono, pakuti ndalamazo zidayamba mu Januwale chaka chimenecho. Pamene tidalibe chomangirira tidalemba “cha m'ma,” osapeka tsiku.

Panali chinthu chimodzi cholemera. Posimba za 1964 agogo adatchula munthu amene ankamuganizira kuti adalozera adani kumene anthu adabisala. Iwo sadamuone, adangomva. Adzukulu a munthuyo timapemphera nawo mumphakati umodzi. Dzina lake lili pa pepala la maina monga mnansi, koma m'nkhaniyo tidalemba kuti “munthu wina wa m'mudzi.” Kabuku ka banja kamayenda m'manja ambiri, ndipo mlandu wosaweruzidwa ukalembedwa sufa.

Potsiriza tidawawerengera agogowo masamba onse 12 mokweza, pamaso pa mlamu wawo ndi ana awo awiri. Adakonza maina atatu, nabweza nkhani imodzi imene tidaitaya, ya mkazi wachilendo amene adawayamwitsira mwana iwo akudwala. “Ameneyo musamusiye,” adatero, “pakuti alibe wina womukumbuka.” Mafunso athu atatu aja sadaigwire nkhaniyi, mwini wake ndiye adaigwira. Nchifukwa chake tikuti ntchitoyi ithe mwini mawu akali ndi mpweya.

Kabukuko tidakasindikiza makope asanu, limodzi pa nyumba ya mwana aliyense, ndipo mawu a pa foni tidawasunga m'malo awiri osiyana, chifukwa foni imagwa m'madzi ndipo chiswe sichilemekeza pepala. Patsamba loyamba tidalemba tsiku, malo, wofunsa, chilankhulo, ndi kumene masamba 60 aja ali. Mdzukulu amene adzakayika mawu athu adziwe kopita kukamva agogo ake eni.