Msonkhano ukatha, ndani achita chiyani?

Ntchito yanga ndi yolemba maminitsi a makomiti a alimi a mpunga kuno ku Karonga, boma la masikimu a mthirira monga Hara, Wovwe ndi Lufilya. Maminitsi amasunga zimene anthu ayankhula, koma satuma munthu. Chimene chimatuma munthu ndi tebulo la magawo anayi: ntchito, mwini wake, tsiku lomaliza, ndi pamene yafika.

Tiyerekeze kuti m'kope la mlembi mwalembedwa izi: "Ngalande yadzaza matope. Geti likudontha, tione. Ena sanalipire za madzi. Mvula idavuta chaka chino." Choyamba ndimapeta. Za mvulazo ndi dandaulo chabe, zitsale m'maminitsi. Zitatu zinazo ndimazilembanso, chilichonse chiyambe ndi chochita chooneka ndi maso: kuchotsa, kuitana, kutolera. Mawu akuti "tione" salowa m'tebulo, chifukwa palibe angadziwe tsiku limene kuonako kwatha.

Kenako mwini. Pagawo ili pamalembedwa munthu mmodzi, osati "komiti" kapena "tonse". Ngalande adzafukula ndi alimi ambiri, koma wodzafunsidwa ndi mmodzi, amene wavomera pamaso pa anzake. Mukapatsa ntchito munthu amene sanabwere, wapampando amuuze tsiku lomwelo, apo ayi mzerewo ulibe mwini.

Tsiku lomaliza ndimaliwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati madzi adzatsegulidwa pa 1 Julayi, geti likhale litakonzedwa pofika 24 Juni kuti papezeke sabata yoliyesa. Mmisiri sagwira ntchito popanda ndalama, ndiye zotolera zikhale zitalowa pofika 10 Juni. "Posachedwa" si tsiku.

| Ntchito | Mwini | Tsiku | Pamene yafika |
|---|---|---|---|
| Kutolera ndalama za madzi kwa otsala | Msungichuma | 10 Juni | Ili mkati |
| Kuchotsa matope m'ngalande yaikulu | Mkulu wa buloko | 17 Juni | Sinayambe |
| Kuitana mmisiri akonze geti | Wapampando | 24 Juni | Yaima: ikudikira ndalama |

Pagawo lomaliza ndimalola mawu anayi okha: sinayambe, ili mkati, yaima, yatha. "Yaima" ayenera kutsagana ndi chifukwa chake, monga taonera pa geti, pakuti chifukwacho chimasonyeza komiti pofunika kukankha: apa ndi kwa msungichuma, osati kwa wapampando. "Yatha" amafuna umboni, kaya lisiti, kaya munthu wachiwiri amene wakaona ngalandeyo.

Tebulo lodwala limadziwika msanga. Mukaona mzere umene tsiku lake lasunthidwa kawiri, kapena wakhala "ili mkati" misonkhano itatu, dziwani kuti ntchitoyo ndi yaikulu kwambiri kapena mwini wake alibe mphamvu yoichitira. Iduleni pawiri, kapena ipatseni wina. Ndipo msonkhano wotsatira, pemphero likangotha, uyambe ndi kuwerenga tebuloli mzere ndi mzere, nkhani zatsopano zisanalowe.